Gemu Ikamadukiza Pafoni: Zimene Mtolo ndi Atilasi Zimakonza

Pali gemu zina za pafoni zooneka zophweka, zongokhala ndi thabwa, tinjere ndi mabatani owerengeka, koma zimadukizadukiza, kutenthetsa foni ndi kumaliza batire msanga. Chonsecho pa foni yomweyo gemu ina ya magalimoto othamanga, mitengo ndi fumbi lakobo imayenda bwinobwino. Wosewera amangoti foni yake ndi yofooka, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona. Komabe kawirikawiri vuto silikhala kuchuluka kwa zinthu zimene zikuoneka pa sikirini. Limakhala kuchuluka kwa maulendo amene gemuyo ikuuza foni kuti ijambule.

Mkati mwa foni muli mapurosesa awiri amene akukhudzidwa ndi nkhaniyi. Yoyamba ndi CPU, imene imayendetsa malamulo a gemu, kuwerenga pamene chala chagunda, ndi kudziwa amene wapambana. Yachiwiri ndi GPU, imene ntchito yake ndi kupaka mitundu pa timadontho ta sikirini totchedwa mapikiselo. Mafoni ambiri a Android ali ndi GPU ya mtundu wa Mali wa kampani ya Arm, Adreno wa Qualcomm kapena PowerVR wa Imagination. GPU siidziwa kuti gemu ndi chiyani, ndipo siijambula kanthu isanatumidwe. CPU ndiyo imaiuza kuti itenge chithunzi chakuti, ichimate pa timakona takutitakuti, ichiike pa sikirini. Kutuma kumodzi kotereku ndiko tikutcha lamulo lojambula. Mu OpenGL ES, njira imene gemu zambiri za Android zakhala zikulankhulira ndi GPU, lamuloli limalembedwa kuti `glDrawElements` kapena `glDrawArrays`.

Nthawi imene foni imakhala nayo ndi yochepa kwambiri. Kuti maso aone zinthu zikuyenda mosadukiza, gemu imajambula sikirini yonse mwatsopano ka 60 pa sekondi imodzi, kapena ka 30 ikakhala yodzichepetsa. Chithunzi chimodzi chathunthu chimatchedwa fulemu. Pa mafulemu 60, fulemu iliyonse ili ndi mamilisekondi 16.7 basi, ndipo pa mafulemu 30 ili ndi 33.3. M'kanthawi kameneka CPU iyenera kumaliza kuganiza zonse za gemu ndiponso kutumiza malamulo onse ojambula. Ikachedwa ngakhale pang'ono, sikirini imaonetsanso fulemu yakale, ndipo uko ndiye kudukiza kumene wosewera amakuona.

Chimene chimadya nthawi

Chodabwitsa kwa amene akuyamba kumene ntchitoyi n'chakuti lamulo lojambula kanjere kamodzi ndi lamulo lojambula njere 500 nthawi imodzi amatayitsa CPU nthawi yosasiyana kwenikweni. Mtengo wake suli pa katundu amene lamulo lanyamula. Uli pa zokonzekera. Lamulo lisanafike ku GPU limadutsa kwa dalaivala, pulogalamu ya kampani yopanga GPU imene imamasulira zofuna za gemu kuti makina azimve. Dalaivalayo amayenera kuona chithunzi chimene chasankhidwa, kapulogalamu kopakira mitundu kamene kakugwiritsidwa ntchito, kotchedwa sheda, ndi njira yosakanizira mtundu watsopano ndi umene unalipo kale. Akatsimikiza kuti zonse zikugwirizana, ndiye amalemba malangizo a GPU. Chimodzi mwa zimenezi chikasintha, ntchito yotsimikizayo imachitikanso.

Zili ngati kuchigayo. Chigayo chimagaya thumba la chimanga m'kanthawi kochepa, koma ngati wina akufuna mgaiwa, wotsatira ufa wosalala, wachitatu mgaiwa kachiwiri, aliyense atanyamula kambale kamodzi, mwini chigayo amathera tsiku akuzimitsa injini ndi kusintha sefa. Chigayocho chili ndi mphamvu ndithu, koma nthawi yambiri chikungokhala.

Vutoli si lachilendo. M'chaka cha 2003, pa msonkhano wa opanga gemu wa GDC, Matthias Wloka wa kampani ya NVIDIA anaonetsa kuti CPU ya liwiro la gigahezi imodzi inkatha kutumiza malamulo ojambula pafupifupi 25,000 pa sekondi ikasiya ntchito zina zonse. Tikagawa ndi mafulemu 60, tikupeza malamulo 416 pa fulemu, popanda nthawi yotsala yoyendetsera gemuyo. Amenewo anali makompyuta a pa tebulo a nthawi imeneyo, ndipo zinthu zasintha. Apple inatulutsa Metal mu 2014, bungwe la Khronos linatulutsa Vulkan mu 2016, ndipo njira ziwirizi zinapangidwa mwa zina kuti lamulo lililonse lizitsika mtengo. Koma mafoni otchipa, amene ndi ochuluka m'manja mwa anthu kwathu kuno, ali ndi CPU yofooka, ndipo gemu zambiri zimene zimayenda pa mafoniwa zikudalirabe OpenGL ES. Komanso foni ilibe fani yoiziziritsa. Ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro, moti gemu imene imayenda bwino poyamba imayamba kudukiza ikaseweredwa kwa kanthawi.

Bawo la malamulo 203

Tiyerekeze kuti munthu akupanga gemu ya bawo pogwiritsa ntchito libGDX, chida chaulere cha chinenero cha Java chimene anachiyambitsa Mario Zechner, chomwenso chinagwiritsidwa ntchito popanga gemu yotchuka ya Slay the Spire. Thabwa la bawo lili ndi mabowo 32, mizere 4 ya mabowo 8, ndi njere 64. Titenge nthawi imene njere zonse zili pathabwa ndipo bowo lililonse lili ndi kanthu. Wojambula wapereka mafayilo osiyanasiyana: chithunzi cha thabwa, cha bowo, cha njere, cha kamthunzi kogwa pansi pa njere, cha zilembo ndi manambala, ndi zithunzi 5 za mabatani. Wolemba pulogalamu wajambula kaye thabwa, kenako walemba mmene munthu aliyense angaganizire, bowo ndi bowo:

```java
for (Bowo b : mabowo) {
    batch.draw(bowo, b.x, b.y);
    for (Njere n : b.njere) {
        batch.draw(mthunzi, n.x + 3, n.y - 3);
        batch.draw(njere, n.x, n.y);
    }
    font.draw(batch, "" + b.njere.size, b.x, b.y);
}
```

Chinthu chotchedwa `batch` pamwambapa ndi `SpriteBatch`, chimene ntchito yake ndi kumanga mtolo. Mukachiuza kuti chijambule, sichithamangira ku GPU. Chimalemba pa mndandanda wake makona 4 a kachithunzi kameneko, kona iliyonse ndi manambala 5: awiri osonyeza malo pa sikirini, imodzi ya mtundu, ndi awiri osonyeza mbali ya chithunzi yoti imatidwe pamenepo. Chimapitiriza kuunjika, ndipo chimatumiza mndandanda wonse ngati lamulo limodzi. Koma lamulo limodzi la mtundu umenewu limayenda ndi chithunzi chimodzi chokha. Choncho mukangopempha kachithunzi kochokera mu fayilo ina, `SpriteBatch` imatumiza zimene yaunjika, kaya ndi kanthu kamodzi kokha, n'kuyamba mtolo watsopano.

Tsopano tiwerenge. Thabwa ndi lamulo limodzi. Mabowo ndi 32, ndipo palibe bowo limene likutsatana ndi linzake, popeza pakati pawo pakubwera mithunzi, njere ndi nambala. Njere iliyonse ikubwera ndi mthunzi wake, mthunzi kenako njere, mthunzi kenako njere, ndiye malamulo 128. Manambala osonyeza kuchuluka kwa njere m'bowo ndi 32. Mabatani 5, lililonse chithunzi chake kenako mawu ake, ndi malamulo 10. Zonse pamodzi ndi 203. Chida chomanga mtolo chilipo, koma palibe pamene zinthu ziwiri zotsatana zachokera mu chithunzi chimodzi, ndiye sichinathandize kalikonse. Munthu angathe kuiona nambalayi ndi maso ake poitanitsa `batch.renderCalls` akangomaliza `batch.end()`.

Kodi 203 ndi ambiri? Pa foni yodula, ayi. Pa foni yotchipa zimadalira dalaivala wake. Tingoyerekeza kuti lamulo lililonse pamodzi ndi kusintha chithunzi likudya gawo limodzi mwa magawo 50 a milisekondi. Malamulo 203 adya mamilisekondi 4, pafupifupi kota ya nthawi yonse ya fulemu, pojambula thabwa limene GPU ikanalimaliza mosatuluka thukuta. Ndipo bawo ndi gemu yaing'ono. Gemu ya munda wa matailosi, nyumba, anthu ndi ziweto ikalembedwa motere, nambalayi imafika m'masauzande.

Njira yoyamba yokonzera siifuna kukhudza chithunzi chilichonse. Imangofuna kusintha ndondomeko. Jambulani mabowo onse 32 motsatana, kenako mithunzi yonse 64, kenako njere zonse, kenako manambala onse. Thabwa, mabowo, mithunzi, njere ndi manambala akhala malamulo 5. Zithunzi za mabatani ndi 5, mawu awo onse pamodzi ndi lamulo limodzi. Tatsika kuchoka pa 203 kufika pa 11, ndipo ntchito yake ndi ya mphindi zochepa.

Komabe pali chimene chatayika, ndipo wojambula wa diso lakuthwa achiona. Zithunzi zokhala ndi mbali zoonekera mkati, ngati mthunzi, ziyenera kujambulidwa kuyambira chakumbuyo kubwera chakutsogolo, chifukwa mtundu watsopano umasakanizidwa ndi umene wapakidwa kale. Poyamba paja, njere zikaunjikana m'bowo limodzi, mthunzi wa njere yapamwamba unkagwera pa njere yapansi, ndipo muluwo unkaoneka wokwera. Tsopano mithunzi yonse yapakidwa njere zisanabwere, ndiye yakwiririka, ndipo mulu ukuoneka wophwatalala. Apa ndi pamene kusanja ndondomeko kumathera. Zinthu zimene sizikhudzana mungazisanje mmene mungafunire. Zimene zasanjikizana zili ndi ndondomeko imene diso limafuna, ndipo simungaiphwanye popanda kusintha maonekedwe.

Chithunzi chimodzi chachikulu

Atilasi imachotsa chifukwa chenicheni chimene mtolo umadukira. M'malo mwa mafayilo ambiri, tizithunzi tonse timayalidwa pa chithunzi chimodzi chachikulu, ndipo pambali pake pamakhala kafayilo kolemba dzina la kachithunzi kalikonse, malo ake ndi kukula kwake. Kuyalako sikuchitika ndi manja. libGDX ili ndi chida chotchedwa `TexturePacker` chimene mumachipatsa foda ya zithunzi, icho n'kutulutsa `bawo.png` ndi `bawo.atlas`.

Mmene GPU imapezera kachithunzi mkati mwa chachikulu ndi masamu a ku pulayimale. Malo pa chithunzi amayezedwa kuyambira 0 mpaka 1, m'mbali ndi chotsika. Njere ikakhala fayilo payokha, makona ake amatenga kuyambira 0 mpaka 1, kutanthauza chithunzi chonse. Tiyerekeze kuti mu atilasi ya mapikiselo 1024 mbali zonse, njere ya mapikiselo 64 yaikidwa pa 512 kuchokera kumanzere ndi 256 kuchokera pamwamba. M'mbali iyambira pa 512 kugawa ndi 1024, yomwe ndi 0.5, n'kuthera pa 576 kugawa ndi 1024, yomwe ndi 0.5625. Chotsika iyambira pa 0.25 n'kuthera pa 0.3125. Manambala amenewa ndi amene amalowa m'malo awiri omaliza a kona iliyonse aja. Kwa GPU, bowo, mthunzi ndi njere tsopano ndi mbali chabe za chithunzi chimodzi.

```java
TextureAtlas atlas = new TextureAtlas("bawo.atlas");
TextureRegion njere = atlas.findRegion("njere");
TextureRegion mthunzi = atlas.findRegion("mthunzi");
```

Mizere imeneyi iyenera kuyenda kamodzi, gemu ikamatsegulidwa. `findRegion` imafufuza dzina pa mndandanda wonse, ndipo amene amaiika mkati mwa malo ojambulira, kuti iziyenda kambirimbiri pa fulemu iliyonse, amabwezera CPU katundu wina m'malo mwa amene anaichotsera.

Ndi atilasi, pulogalamu yoyamba ija, ya bowo ndi bowo, ikhoza kukhala mmene inalili, ndipo mithunzi igweranso pa njere monga kale. Koma ambiri akayesa koyamba amadabwa kuona `renderCalls` ikusonyeza nambala yoposa 60 m'malo mwa 1. Wolakwa amakhala zilembo. Manambala a pa mabowo amachokera mu chithunzi chawochawo cha zilembo, ndiye bowo lililonse likudula mtolo kawiri, polowa ku nambala ndi pobwerera ku atilasi. Mankhwala ake ndi kulowetsa chithunzi cha zilembocho mu atilasi momwemo, ndipo `BitmapFont` imalola kupatsidwa mbali ya atilasi m'malo mwa fayilo yapadera. Zikatero fulemu yonse imapita ngati lamulo limodzi.

Mtolo umenewu si wolemera. Tizithunzi tonse, kuphatikizapo chilembo chilichonse cha pa mabatani, sitikwana 300. Kalikonse kali ndi makona 4 a manambala 5, nambala iliyonse mabayiti 4, ndiye mabayiti 80 pa kachithunzi, mabayiti 24,000 pa fulemu. `SpriteBatch` imanyamula tizithunzi 1,000 pa mtolo ngati simunaiuze nambala ina, ndipo singapitirire 8,191. Ikadzaza imatumiza n'kuyambanso, zomwe sizodetsa nkhawa, chifukwa lamulo limodzi pa tizithunzi 1,000 ndi malonda abwino.

Chithunzi si chinthu chokhacho chimene chimadula mtolo. Tiyerekeze kuti bowo limene wosewera wasankha liyenera kuwala, ndipo kuwalako kukujambulidwa ndi njira yophatikiza mitundu m'malo moisakaniza. Kuitana `setBlendFunction` pakati pa kujambula kumatumiza zimene zaunjikidwa, kuwalako kumapita pakokha, ndipo kubwerera ku njira yakale kumayambitsa mtolo wachitatu. Kusintha sheda kapena kamera kumachitanso chimodzimodzi. Malamulo 3 si vuto, ndipo sindingalangize munthu kutaya tsiku lonse kuti awatsitse kufika pa limodzi. Vuto limabwera ngati kuwalako kwaikidwa pa njere iliyonse mkati mwa mzere wobwereza uja, pamenepo tabwerera kumene tinachokera.

Mtengo wa atilasi

Atilasi ili ndi mavuto ake, ndipo loyamba limaoneka ndi maso. M'mphepete mwa kachithunzi mumatuluka kamzere ka mtundu wachilendo, mwina kobiriwira m'mbali mwa njere yofiirira, kapena timing'alu pakati pa matailosi timene timaoneka ndi kuzimiririka kamera ikamayenda. Chifukwa chake n'chakuti GPU ikamakulitsa kapena kuchepetsa chithunzi, siitenga pikiselo imodzi. Imatenga mapikiselo 4 oyandikana n'kuwasakaniza kuti chithunzi chisalale. Pa malire a kachithunzi, ena mwa mapikiselo 4 amenewa amakhala a kachithunzi koyandikana nako mu atilasi. N'chifukwa chake `TexturePacker` imasiya mpata wa mapikiselo 2 pakati pa tizithunzi, kudzera mu `paddingX` ndi `paddingY`. Pa matailosi oyenera kugundana mpatawo pawokha sukwanira, chifukwa m'malo mwa mtundu wa woyandikana naye mumalowa mpata woonekera mkati, n'kukhala mng'alu. Pamenepo mumayatsa `duplicatePadding`, imene imakopera mapikiselo a m'mphepete kudzaza mpatawo ndi mtundu womwewo. Ngati gemu ikugwiritsa ntchito mamipimapu, omwe ndi makope a chithunzi ochepetsedwa ndi theka mobwerezabwereza kuti zinthu zakutali zizioneka bwino, mpata wa mapikiselo 2 umasanduka pikiselo imodzi pa kope loyamba ndipo pa lotsatira umatha, ndiye pamafunika mpata wokulirapo.

Palinso chinthu chimodzi chimene kachithunzi kamataya kakalowa mu atilasi. Chithunzi chapachokha mungachiuze GPU kuti ichibwereze kudzaza malo aakulu, monga udzu kapena madzi. Mu atilasi, mukapitirira malire a udzu mumalowa mu chithunzi cha woyandikana naye. Zinthu zobwereza zotere ndi bwino kuzisiya panja.

Vuto lachiwiri ndi memole, ndipo limapusitsa anthu ambiri chifukwa amayang'ana kukula kwa fayilo. Fayilo ya PNG ikhoza kukhala yaing'ono kwambiri, koma ikafika ku GPU imatambasulidwa, pikiselo iliyonse n'kutenga mabayiti 4. Atilasi ya 1024 mbali zonse imadya mamegabayiti 4, ya 2048 imadya 16, ya 4096 imadya 64. Mamipimapu amawonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Malo opanda kanthu mu atilasi amadya memole mofanana ndi malo odzaza, ndipo atilasi imalowa yonse ngakhale mukufuna batani limodzi lokha la mmenemo. Pali njira zopanikizira zithunzi zimene GPU imawerenga osazitambasula. ETC2, imene foni iliyonse ya OpenGL ES 3.0 iyenera kuidziwa, imatsitsa atilasi ya 2048 kuchoka pa mamegabayiti 16 kufika pa 4. ASTC imalola kusankha kuti mupanikize motani. Koma ETC2 imagwira ntchito pa timabokosi ta mapikiselo 4 mbali zonse, moti tizithunzi tiwiri tikagwera m'kabokosi kamodzi mitundu yawo imaipitsana, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimatha kuoneka zakuda m'mphepete. Pa nkhani ya kukula, 2048 ndi muyezo umene OpenGL ES 3.0 imalonjeza pa foni iliyonse. Mafoni ambiri amalola woposa pamenepo, koma amene akufuna kuti gemu yake iyende paliponse asadalire zimenezo.

Vuto lachitatu ndi lobisika kuposa onse. Tizithunzi tikachuluka n'kusefukira, `TexturePacker` siidandaula. Imangotsegula tsamba lachiwiri, `bawo2.png`, ndipo ngati simunasinthe `maxWidth` ndi `maxHeight`, tsamba lililonse limathera pa 1024. Kwa GPU masamba awiriwa ndi zithunzi ziwiri zosiyana. Ndiye tsiku lina wojambula wawonjezera mitundu itatu ya thabwa, chidacho chayala zinthu mwatsopano, njere yagwera pa tsamba loyamba, mthunzi wake pa lachiwiri, ndipo malamulo 128 aja abwerera popanda wina kukhudza mzere uliwonse wa pulogalamu. Chifukwa cha ichi atilasi iyenera kugawidwa potengera zinthu zimene zimaoneka nthawi imodzi. Zonse za pa thabwa zikhale pamodzi, za pa tsamba lolowera pamodzi, ndipo zithunzi zikuluzikulu ngati thabwa lenilenilo, limene limajambulidwa kamodzi pa fulemu, zikhale pazokha. Thabwa lapadera likuwonjezera lamulo limodzi lokha, koma likusiyira tinthu tating'ono malo ambiri.

Ku Unity ndi gemu zozama

Opanga gemu za pafoni ambiri amagwiritsa ntchito Unity, ndipo maganizo ake ndi omwewa ngakhale mayina ndi ena. Tizithunzi timalowa mu `Sprite Atlas`. Pa gemu zokhala ndi kuya, zimene zinthu zake zimaumbidwa ndi timakona tatu tambirimbiri, chimene chiyenera kufanana kuti zinthu zilowe mtolo umodzi ndi `Material`, ndiye kuti sheda pamodzi ndi zithunzi zake. Nyumba 10 za zithunzi 10 sizingamangidwe pamodzi, koma zithunzizo zikalowa mu atilasi imodzi, nyumba zonse zimagawana `Material` imodzi. Msampha wodziwika ndi kulemba `renderer.material` posintha mtundu wa chinthu. Unity imachipangira chinthucho kope lakelake la `Material`, ndipo chimatuluka mu mtolo mwakachetechete.

Zinthu zosasuntha Unity imaziphatikiziratu kudzera mu `Static Batching`, koma imasunga kope la chinthu chilichonse pa malo ake, moti nkhalango ya mitengo yofanana ikhoza kudya memole yambiri. Mitengo yotere imayenera `GPU Instancing`, pamene mtengo umatumizidwa kamodzi limodzi ndi mndandanda wa malo oti uimikidwe. Zinthu zing'onozing'ono zosuntha zimatha kulowa mu `Dynamic Batching` ngati sizipitirira nsonga 300, koma pamenepo CPU imawerengera malo a nsonga iliyonse pa fulemu iliyonse, ndipo nthawi zina ntchito imeneyo imaposa imene yapulumutsidwa. Palinso amene amalumikiza ndi manja mudzi wonse wa mu gemu kukhala chinthu chimodzi. Lamulo limakhaladi limodzi, koma gemu singathenso kudumpha nyumba zimene zili kumbuyo kwa kamera, ndiye GPU imagwira ntchito pa zinthu zimene palibe akuziona.

Musanayambe, yezani

Zonsezi zimathandiza pokhapokha ngati CPU ndiyo ikuchedwa. Pali kudukiza kwina kumene kumachokera ku GPU, makamaka pikiselo imodzi ikamapakidwa kambirimbiri pa fulemu imodzi chifukwa cha utsi, kuwala ndi zithunzi zoonekera mkati zimene zasanjikizana pa sikirini yonse. Gemu yotere ikhoza kukhala ndi malamulo 5 okha n'kumadukizabe, ndipo atilasi singaichiritse.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta. Chepetsani ndi theka mapikiselo amene gemu ikujambula m'mbali ndi chotsika, kuti ntchito yopaka itsale kota. Fulemu ikafulumira kwambiri, wochedwa anali GPU, ndipo muyenera kuchepetsa zosanjikizana kapena kupeputsa sheda. Ikakhala chimodzimodzi, yang'anani ku CPU, ndipo kumeneko muonenso ngati nthawi ikuthera potumiza malamulo kapena pa zina, monga kompyuta ikamaganiza kaseweredwe kake ka bawo. Mu Unity, kabokosi ka `Stats` kamaonetsa `Batches`, `Saved by batching` ndi `SetPass calls`, ndipo yomalizayi, imene imawerenga kusintha kwa sheda ndi zokonzekera zake, kawirikawiri ndiyo imanena zambiri za mtengo weniweni. `Frame Debugger` imakulolani kuyenda lamulo ndi lamulo, n'kukuuzani chifukwa chimene lamulo lina silinalowe mu mtolo wa linzake. Kwa amene sali pa Unity, RenderDoc, imenenso ndi yaulere, imagwira fulemu imodzi ya pa Android n'kuonetsa malamulo onse motsatana.

Kuyezako kusachitikire pa kompyuta imene mukupangira gemu, chifukwa kumeneko malamulo 203 ndi lamulo limodzi sizioneka kusiyana. Tengani foni yotchipa kwambiri mwa imene osewera anu ali nayo, ikani nambala ya malamulo ndi mamilisekondi a fulemu pa kona ya sikirini, ndipo sewerani mpaka foniyo itenthe musanakhulupirire zimene ikuonetsa. Nambala ziwirizo zisiyeni pomwepo mpaka gemu itatsala pang'ono kutuluka, kuti tsiku limene atilasi yasefukira mudziwe tsiku lomwelo.